Ndani Agwire Chitseko pa Msonkhano wa pa Zoom?

Linki ya msonkhano ikangolowa pa gulu la WhatsApp, amene anaitumiza sadziwanso kumene yafika. Wina waipereka kwa mlamu wake ku Mowatize, mlamuyo waiponya pa gulu la ochita malonda a ku Zobwe, ndipo pofika tsiku la msonkhano anthu amene ali nayo achuluka kuposa amene munawaitana. Ambiri mwa iwo sadzalowa n'komwe. Koma mmodzi akalowa ndi mtima woipa, kukula kwa chisokonezo chake kumadalira zinthu ziwiri: mphamvu zimene mwasiyira munthu aliyense wolowa, ndiponso ngati pali wina amene maso ake ali pakhomo pamene wapampando akulankhula.

Ndifotokoza za Zoom, chifukwa kumeneko mphamvuzi zinagawidwa mooneka bwino, ndipo munthu akazimvetsa savutika ndi mapulogalamu ena. Mabatani ndiwatchula monga amaonekera pa sikirini ya Chingerezi. Ngati foni yanu ili m'Chipwitikizi, monga mafoni ambiri kuno kwathu ku Tete, maina ake asintha koma malo ake ndi omwewo.

Msonkhano uliwonse umakhala ndi mwini wake mmodzi yekha pa nthawi imodzi. Pa sikirini amalembedwa kuti Host, kapena Anfitrião. Kawirikawiri ameneyu ndi amene anakonza msonkhanowo pa akaunti yake. Iye angathe kulowetsa munthu, kumutseka pakamwa, kumuzimitsira kamera, kumutulutsa, kukhoma msonkhano, ndiponso kuuthetsa kwa aliyense. Pansi pake pali womuthandiza, Co-host kapena Coanfitrião, ndipo othandiza angakhale angapo. Wothandiza ali ndi pafupifupi mphamvu zonse zosungitsa bata, koma sangayambitse msonkhano, sangauthetse kwa onse, ndipo sangasankhe wothandiza mnzake. Otsala onse ndi olowa wamba. Iwo alibe mphamvu pa anzawo, koma zimene angachite paokha, monga kutsegula maikolofoni, kuonetsa sikirini yawo, kulemba pa macheza otchedwa Chat kapena kusintha dzina, zimadalira zimene mwini msonkhano walola. Apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu wosokoneza amalowa ngati wolowa wamba, ndipo amagwiritsa ntchito mphamvu zomwezo zimene munasiyira anthu anu.

Pali mfundo imodzi yokhudza ndalama imene anthu ambiri amaidziwa msonkhano uli kale mkati. Kusankha wothandiza kumatheka pa akaunti yolipira yokha. Akaunti yaulere imalola anthu 100 ndipo msonkhano umaduka pakatha mphindi 40, koma batani la Make Co-Host mulibemo. Ngakhale pa akaunti yolipira, batanili limaoneka pokhapokha ngati mbali ya Co-host inayatsidwa kale mu Settings, pa tsamba la zoom.us, kumene munthu amalowa kudzera pa intaneti osati m'pulogalamu ya pa foni. Udindowu umaperekedwa msonkhano utayamba: mwini msonkhano amatsegula Participants, n'kukhudza dzina la munthuyo, n'kusankha Make Co-Host. Palinso udindo wina wotchedwa Alternative Host, umene umaperekedwa pokonza msonkhano ndipo umalola munthu kuuyambitsa mwini wake kulibe, koma munthuyo ayenera kukhala ndi laisensi pa akaunti yomweyo ya bungwe. Magulu ang'onoang'ono ambiri sangaufikire.

Kusokoneza misonkhano kunadziwika kwambiri mu Malichi 2020, pamene mliri wa korona unatsekera anthu m'nyumba. Pa 30 Malichi chaka chimenecho, ofesi ya ku Boston ya FBI, bungwe lofufuza milandu la ku Amerika, inachenjeza kuti anthu osaitanidwa akulowa m'makalasi ndi m'misonkhano n'kumatukwana komanso kuonetsa zithunzi zolaula. Zoom inayankha posintha zinthu zingapo, ndipo kuyambira pa 27 Sepitembala 2020 inalamula kuti misonkhano ya pa maakaunti ambiri ikhale ndi nambala yachinsinsi kapena chipinda chodikirira. Anthu ambiri anamva zimenezi n'kuganiza kuti nambala yachinsinsi yathetsa vuto. Siinathetse, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukayang'ana linki imene mumatumiza:

```
https://zoom.us/j/NAMBALA?pwd=ZILEMBO
```

Zilembo zimene zimatsatira `pwd=` ndi nambala yachinsinsi yomwe ija, yobisidwa m'kati mwa linki kuti munthu angodina kamodzi n'kulowa. Choncho aliyense amene walandira linki walandiranso kiyi. Nambala yachinsinsi imatchinga munthu amene akungoyesa manambala a misonkhano mwachisawawa, koma siitchinga amene wapatsidwa linki ndi mnzake. Akatswiri a ku mayunivesite a Boston ndi Binghamton anafufuza nkhaniyi ndipo zotsatira zawo zinatuluka mu 2021. Anapeza kuti nthawi zambiri oitana anthu osokoneza anali a m'kati momwemo, makamaka ophunzira amene ankapereka linki, nambala yachinsinsi, mwinanso maina a anzawo a m'kalasi kuti mlendoyo alowe ngati mmodzi wa iwo. Ichi n'chifukwa chake ine sindidalira nambala yachinsinsi payokha. Ndimadalira munthu.

Tiyerekeze kuti pali bungwe la alimi a mbatatesi a ku Angonia ndi ku Tsangano, ndipo akufuna kugwirizana mtengo wa thumba asanakumane ndi ogula a mumzinda wa Tete. Wapampando ali ku Domwe ndipo akulowa pa foni. Mlembi ali ku Ulongwe, ali ndi kompyuta komanso magetsi. Msungichuma ali ku Tsangano. Mafoni amene akuyembekezeka ndi 40, ena mwa iwo atazunguliridwa ndi anthu atatu kapena anayi. Funso loyamba n'lakuti mwini msonkhano akhale ndani, ndipo mwaulemu ambiri angayankhe kuti wapampando. Ine ndikukana zimenezo. Wapampando ntchito yake ndi kumvetsera, kupereka mpata wolankhula ndi kumanga mfundo. Munthu amene akuchita zimenezi sangaonenso kauthenga kakang'ono kakuti wina akudikira pakhomo, makamaka pa sikirini ya foni pamene mndandanda wa anthu umabisika mpaka utautsegula. Ulemu wa wapampando suchepa chifukwa chakuti mabatani ali ndi mlembi. Mwini msonkhano akhale amene ali ndi netiweki yodalirika kwambiri ndi sikirini yaikulu, ndipo ngati akaunti ndi yolipira, asankhe wothandiza mmodzi kapena awiri.

Posankha wothandiza, muganizirenso kumene ali. Ngati mlembi akugwiritsa ntchito Movitel ku Ulongwe, wothandiza akhale pa Vodacom kapena pa Tmcel, kapenanso akhale kudera lina, kuti netiweki imodzi ikagwa kapena magetsi akazima asagwere limodzi. Mwini msonkhano akaduka mwadzidzidzi, msonkhano sutha. Udindo wake umasamukira kwa wothandiza, ndipo ngati palibe wothandiza ukhoza kugwera munthu wina mwa amene ali m'kati, amene simunamusankhe inuyo. Mwini weniweni akabwerera angathe kuutenganso ndi Reclaim Host, koma pa mphindi zimene kulibezo chitseko chimakhala m'manja mwa munthu amene mwina sakudziwa n'komwe kuti wachigwira. Pa akaunti yaulere, njira yake ndi yakuti mlembi akaona kuti batire likutha kapena netiweki yayamba kudukaduka, apereke yekha udindo kwa munthu wodalirika ndi Make Host asanagwe.

Zambiri zoteteza msonkhano zimachitika dzulo lake, pa nthawi yokonza. Mlembi asagwiritse ntchito Personal Meeting ID, imene ndi nambala yake yosasintha. Aliyense amene anailandirapo kale, ngakhale chaka chatha pa nkhani ina, angathe kuiyesanso lero. Asankhe Generate Automatically kuti msonkhanowu ukhale ndi nambala yakeyake. Ayatse Waiting Room, imene m'Chipwitikizi ndi Sala de espera, kuti aliyense wodina linki ayambe waima kunja mpaka wina amulowetse. Aonetsetse kuti Allow participants to join anytime ndi yozima, ndipo ayatse Mute participants upon entry kuti anthu azilowa ali chete. Pa funso lakuti Who can share? yankho likhale Host Only. Chimenechi chokha chimachotsa chida choopsa kwambiri, chifukwa zithunzi zonyansa zimene zimadzaza sikirini ya aliyense zimabwera kudzera pa kuonetsa sikirini. Wothandiza amathabe kuonetsa yake, ndipo ngati msungichuma akufuna kuonetsa mawerengedwe a ndalama, angapatsidwe mpata pa nthawi yakeyo basi.

Palinso zina ziwiri zimene zimaiwalika. Annotation imalola munthu kujambula kapena kulemba pamwamba pa zimene wina akuonetsa, choncho ngakhale mutatseka kuonetsa sikirini, wosokoneza angathe kulemba zotukwana pa tebulo la mitengo limene mlembi waika. Izime, kapena isiyidwe kwa woonetsa yekha. Chinanso ndi kutumizirana mafayilo pa macheza. Pa msonkhano wa mtundu uwu palibe chifukwa chakuti aliyense azitha kutumiza fayilo kwa anthu 40.

Ntchito yovuta kwenikweni ili pa chipinda chodikirira, ndipo imavuta chifukwa cha maina. Dzina limene limaoneka pa Zoom munthu amalemba yekha, palibe amene amalitsimikiza. Ambiri salemba chilichonse, ndiye wapakhomo, kaya ndi mwini msonkhano kapena womuthandiza, amaona mndandanda wonga uwu: TECNO, itel, Galaxy, Galaxy wina, iPhone. Nthawi yakwana, wapampando wayamba kale pemphero lotsegulira, mafoni khumi ndi awiri akudikira, ndipo pamwamba pawo pali batani la Admit All. Akangolidina, chipinda chodikirira chasanduka chopanda ntchito. Njira yopewera zimenezi imayambira m'uthenga woitanira anthu. Mlembi alembe momveka bwino kuti: “Abambo ndi amayi, polowa lembani dzina lanu ndi dera limene mukuchokera. Amene dzina lake silidziwika adikira kunja.” Msonkhano utsegulidwe mphindi 15 nthawi isanakwane, wapakhomo ali ndi mndandanda wa oitanidwa papepala, ndipo azilowetsa mmodzimmodzi ndi Admit n'kumachonga. Pa akaunti yaulere mphindi zimenezi zimadya pa 40 zija, ndipo msonkhano ukaduka anthu onse amalowanso, kutanthauza kuti ntchito ya pakhomo imachitika kawiri. Ndi bwino kudziwiratu zimenezi n'kuwauza anthu.

Nanga TECNO uja atani naye? Asamukanize msanga, chifukwa mwina ndi agogo ena amene anawalumikizira ndi mdzukulu wawo. Zoom imalola kutumiza uthenga kwa amene ali m'chipinda chodikirira, ndipo wapakhomo angawapemphe kuti atuluke, alembe dzina, alowenso. Angathenso kufunsa pa gulu la WhatsApp kuti amene akudikira ndi foni ya TECNO adzitchule. Ngati zikukayikitsabe, amulowetse n'kumupatsa moni pomwepo: “Mwalowa kumene ndi foni ya TECNO, tikulankhula ndi ndani, bambo kapena mayi?” Munthu wa m'bungwe amayankha, ndipo anzake a kudera lake amazindikira mawu ake. Mlendo kawirikawiri amangoti zii. Wotere abwezedwe ndi Put in Waiting Room, mpaka zitadziwika. Akadziwika, wapakhomo amulembere dzina loyenera ndi Rename.

Anthu akakhazikika, wapakhomo atsegule batani la Security, limene m'mapulogalamu atsopano limatchedwa Host tools, ndipo pa foni limapezeka pansi pa More. M'menemo achotse chilolezo cha Rename Themselves. Ndikuumirira pa ichi chifukwa cha chinyengo china chosavuta kuchita. Munthu walowa ndi dzina losakayikitsa, wakhala chete kwa theka la ola, wamva kuti aliyense apereke mametikali 500 a thiransipoti, waonanso dzina la msungichuma. Kenako wasintha dzina lake kukhala la msungichumayo n'kulemba pa macheza kuti ndalama zitumizidwe pa nambala yakuti ya M-Pesa kapena e-Mola. Ngati macheza a munthu ndi munthu ndi otsegula, angathe kulembera aliyense payekha, ndipo mwini msonkhano saona mauthenga amenewo. Pofika poti zidziwike, anthu asanu atumiza kale. Munthu ameneyu sanatukwane aliyense, sanapange phokoso, koma waononga kuposa wotukwana. Kutseka kusintha dzina, ndi kuchepetsa macheza kuti azipita kwa Host and co-hosts okha, kumadula njira imeneyi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona kwa amene akuyang'ana: dzina limodzi kuoneka kawiri pa mndandanda. Nthawi zina zimangotanthauza kuti munthu anaduka n'kulowanso chithunzi chake chakale chisanachoke, kapena walowa pa zipangizo ziwiri, koma wapakhomo afunse ndithu. Ndipo bungwe ligwirizane kuti nambala yolandirira ndalama imanenedwa pakamwa ndi msungichuma mwiniwake, osati pa macheza.

Malangizo ambiri amanena kuti anthu akangokwana, khomani msonkhano ndi Lock Meeting. Ukakhomedwa palibe amene angalowe, ngakhale ali ndi linki ndi nambala yachinsinsi. Kumadera kumene netiweki siiduka, limeneli ndi langizo labwino. Kuno kwathu liyenera kutengedwa mosamala, chifukwa chitseko chokhomacho sichisiyanitsa mlendo ndi membala amene wangoduka. Wa ku Furankungo netiweki yamuthawa kwa mphindi imodzi, wa ku Tsangano mamega amuthera ndipo wathamanga kukagula ena, onsewo pobwerera apeza kokhoma, ndipo wapakhomo sawaona n'komwe chifukwa safika m'chipinda chodikirira. Ngati pamapeto pali kuvota pa mtengo, ndiye kuti anthu a kumadera a netiweki yofooka achotsedwa pa chisankho popanda amene anafuna kutero. Ine ndimaona kuti pa msonkhano wotere n'kwabwino kusiya chitseko chosakhoma koma chipinda chodikirira chili choyaka mpaka kumapeto, wapakhomo n'kumalowetsa obwerera poyang'ana pamene anachonga papepala paja. Kukhoma kusungidwire nthawi ya vuto, kapena mphindi zochepa za nkhani yachinsinsi, ndipo pa nthawiyo nambala ya foni ya wapakhomo ikhale yodziwika kuti woduka amuimbire.

Tsopano tinene kuti zonsezi zachitika koma wina wadutsabe. Msonkhano uli pakati, mwadzidzidzi mwamveka nyimbo yaphokoso ndi mawu otukwana. Choyamba wapakhomo asiyanitse chipongwe ndi ngozi. Phokoso lambiri pa misonkhano yathu si la adani: ndi maikolofoni yoiwalika pafupi ndi chigayo, wailesi ya m'nyumba, kapena mayi amene akukalipira mwana osadziwa kuti akumveka. Wotere amangofunika Mute. Kumudina Remove n'kulakwitsa, chifukwa munthu wotulutsidwa motero sangalowenso msonkhano womwewo pokhapokha ngati Allow removed participants to rejoin inayatsidwa kale. Amene akuchititsa phokoso amadziwika poyang'ana mndandanda wa Participants, pamene kachizindikiro ka maikolofoni yake kamaoneka kakugwedera. Ngati wina akuonetsa sikirini, dzina lake limalembedwa pamwamba. Wachipongwe amadziwika chifukwa ukamutseka amadzitsegulanso nthawi yomweyo.

Ngati ndi mmodzi ndipo waoneka, Remove ndi yokwanira. Ngati ndi angapo, kapena sakudziwika, pali batani limodzi limene Zoom inawonjezera mu Novembala 2020, lotchedwa Suspend Participant Activities, ndipo mwini msonkhano ndi womuthandiza onse angathe kulidina. Limazimitsa maikolofoni ndi makamera onse, limaimitsa macheza, kuonetsa sikirini ndi kujambula, ndipo limakhoma msonkhano. Zonse zimangoti duu. Pamenepo wapakhomo atsegule maikolofoni yake n'kunena mwachidule: “Pepani abambo ndi amayi, talowereredwa. Musatuluke, tikukonza.” Mawu amenewa ndi ofunika, chifukwa popanda iwo anthu amaganiza kuti netiweki yawo ndi imene yagwa, amatuluka kuti alowenso, n'kupeza kokhoma. Kenako ayende pa mndandanda dzina ndi dzina, atulutse osadziwika, ndipo ngati akufuna awanenere ku Zoom ndi Report.

Kubwezeretsa zinthu kuchitike pang'onopang'ono. Chilolezo cha Unmute Themselves chikhale chozimabe, ndipo ofuna kulankhula akweze dzanja ndi Raise Hand. Mwini msonkhano sangayatse maikolofoni ya munthu mokakamiza, amangomupempha ndi Ask to Unmute, ndipo munthuyo ayenera kuvomera pa foni yake. Ndi bwino kuwaonetsa anthu kauthenga kameneka kumayambiriro, zinthu zili bwinobwino, kuti pa nthawi ya vuto asadabwe nako. Wapampando, ngati si wothandiza, nayenso adzafunika kutsegulidwa choncho. Zikakhazikika, wapakhomo aone kuti chipinda chodikirira chili choyaka, kenako atsegule chitseko kuti amene anaduka pa chipwirikiticho abwerere.

Wotulutsidwa angathe kuyesanso ndi foni ina ndi dzina lina, mwinanso dzina la membala amene analiona pa mndandanda. Akachita zimenezi kawiri katatu, ndiye kuti linkiyo yaonongeka. Mwini msonkhano authetse ndi End Meeting for All, chimene wothandiza sangachite, akonze wina wa nambala yatsopano, ndipo linki yatsopanoyo asaiike pa gulu lomwe lija. Ngati inatulukira pamenepo, idzatulukanso. Aitumize kwa atsogoleri a madera mmodzimmodzi, kapena kwa munthu aliyense payekha. Zimatenga mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo ena adzatayika panjira, choncho imeneyi ndi njira yomaliza.

Pali zotchinga zina zamphamvu kuposa izi, koma zili ndi mtengo wake. Require authentication to join imafuna kuti aliyense alowe ndi akaunti ya Zoom. Imathandiza pa msonkhano wa ogwira ntchito m'bungwe limodzi amene ali ndi maimelo a kuntchito, koma pa gulu la alimi imatsekera kunja eni ake ambiri amene alibe akaunti, pamene wachipongwe angathe kutsegula yake mphindi zochepa. Registration, imene imapezeka pa akaunti yolipira, imapatsa munthu aliyense linki yakeyake akalembetsa, ndipo mlembi angathe kuvomereza maina mmodzimmodzi tsiku lisanafike. Linki yapayekha ndiyo njira imene akatswiri aja anailimbikitsa, chifukwa ikatuluka zimadziwika kuti yatuluka kwa yani. Koma imadalira imelo, ndipo kwa munthu amene intaneti yake yonse ndi WhatsApp, limenelo ndi phiri. Pa msonkhano wa atsogoleri khumi okambirana za ndalama ndingaigwiritse ntchito. Pa msonkhano wa mamembala onse, ayi.

Pa mapulogalamu ena maganizo ake ndi omwewa, maina okha ndi amene asintha. Pa Google Meet zonse zili pansi pa Host controls, pamene muyenera kuyatsa Host management kuti muthe kuletsa kuonetsa sikirini ndi macheza, ndipo mtundu wa khomo umasankhidwa pakati pa Open, Trusted ndi Restricted, malinga ndi akaunti imene muli nayo. Pa Microsoft Teams pali msampha umodzi woyenera kuudziwa. Kumeneko kuli udindo wa Presenter, ndipo amene ali nawo angathe kutseka anzake pakamwa ndi kuwatulutsa. Ngati funso la Who can present layankhidwa kuti Everyone, ndiye kuti mlendo aliyense wolowa wapatsidwa mphamvu zimenezo. Musanayambe, lisinthidwe kuti likhale la anthu osankhidwa okha, ndipo funso la Who can bypass the lobby liyang'anidwenso.

Chimene palibe batani lingachithetse ndi womvetsera wachete. Vuto lalikulu la alimi athu aja mwina silingakhale wotukwana, koma wogula amene akufuna kudziwa mtengo wotsikitsitsa umene bungwe lingavomere. Iye safunika kulowa yekha. Akhoza kukhala pambali pa membala amene foni yake yazunguliridwa ndi anthu anayi. Zoom imaletsa wolowa wamba kujambula msonkhano popanda chilolezo cha mwini wake, koma siingaletse foni yachiwiri imene yaikidwa pafupi ndi sipika. Kupempha kuti aliyense ayatse kamera kwa kanthawi pa chiyambi, n'kutchula amene ali naye, kumathandiza ndithu, ndipo sikudya mamega ambiri ngati makamera azimitsidwa pambuyo pake. Kupitirira pamenepo, nkhani igawidwe pawiri. Msonkhano waukulu umve madandaulo, uwerenge matumba amene dera lililonse lili nawo, ndi kupereka mphamvu kwa komiti. Mtengo weniweni umene komiti isatsike kupitirira pokambirana ndi ogula ukanenedwe pa msonkhano wina wa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, wa linki yakeyake yotumizidwa kwa aliyense payekha, makamera onse ali oyaka, ndipo umenewo ukhomedwe onse akangolowa.